Kutuma munthu n'kosiyana ndi kumupatsa ntchito

M'maofesi ang'onoang'ono a mu Lilongwe, munthu amene amakwezedwa kukhala manijala nthawi zambiri ndi uja amene ankagwira ntchito zonse yekha popanda kudandaula. Ndiye ankadziwa komwe kuli fayilo iliyonse, ndiye ankathamangira kubanki, ndiyenso ankatsala madzulo anzake atawerukira kale. Akuluakulu amaona khama limenelo n'kumupatsa mpando. Vuto lake n'lakuti khalidwe limene lamukweza ndi lomwenso lingamugwetse, chifukwa tsopano sakumuyezanso ndi zimene manja ake achita. Akumuyeza ndi zimene ofesi yonse yachita.

Lero ndikufuna ndikambe chinthu chimodzi chokha. Mamanijala atsopano ambiri amaganiza kuti akugawa ntchito pamene akungotuma anthu. Kutuma ndi kunena kuti, "Pitani ku Old Town mukatenge makotesheni, mubwere nawo kwa ine." Miyendo ndi ya mnzanu, koma mutu ukadali wanu. Kupatsa munthu ntchito ndi kumuuza chimene chiyenera kutheka, kumuuza pamene mphamvu zake zikuthera, ndi kupangana naye tsiku limene mudzaonere limodzi mmene zikuyendera. Zitatu zimenezi zikasowa, ntchito imachoka patebulo panu m'mawa, madzulo yabwerera pomwepo.

Nditenge chitsanzo cha ofesi ngati zimene ndimaziona mu Area 15, momwe nyumba zina zogonamo zinasanduka maofesi a mabungwe ndi makampani ang'onoang'ono. Tiyerekeze kuti muli anthu asanu ndi anayi. Mayi amene kwa zaka zinayi ankayang'anira zogulagula ndi zina zonse za muofesi wangokwezedwa kumene kukhala manijala. Pansi pake pali wowerengera ndalama, mnyamata wothandiza za muofesi amene wakhalapo chaka chimodzi, dalaivala wachikulire, wolandira alendo, mlonda ndi ogwira ntchito za kumudzi atatu. Ziwerengero zimene nditchule pa ofesi imeneyi ndi zongoyerekeza, koma ntchito zake ndi zenizeni.

Mayiyu akugwirabe ntchito yake yakale pamwamba pa yatsopano. Mapepala akatha, inki ya makina osindikizira ikauma, jenereta ikafuna mafuta magetsi atazima, aliyense akugogoda pachitseko chake. Iye akunyamuka yekha kupita ku Old Town kukafunsa mitengo, kenaka ku City Centre kukasiya kalata, mwina mpaka ku Kanengo kukafuna chipangizo cha galimoto. Pamene akubwerera, lipoti limene a bodi akulidikira silinayambike, ndipo ogwira ntchito za kumudzi akhala tsiku lonse osadziwa ngati ulendo wawo wa mawa wavomerezedwa.

Choyamba chimene ndimalangiza munthu wotere si kuitana aliyense. Ndi kutenga kope n'kulemba kwa masabata awiri ntchito iliyonse imene wagwira ndi nthawi imene yamutengera. Popanda kulemba, aliyense amadzinamiza kuti tinthu timeneti n'tating'ono. Pamapeto pa masabata awiriwo, mayi wathu akupeza kuti zogulagula zokha zikumudyera maola asanu ndi limodzi pasabata. Umenewu ndi pafupifupi tsiku lathunthu la ntchito, sabata iliyonse.

Apa ndi pamene pamabwera mawu amene ndawamva kwa mamanijala atsopano ambirimbiri: "Kumufotokozera munthu kungondichedwetsa, bola ndichite ndekha." Pa tsiku limodzi mawuwa ndi oona. Koma tiyeni tiwerengere. Kuphunzitsa mnyamata uja kungatenge maola khumi ndi awiri m'mwezi woyamba: kulemba ndondomeko, kupita naye kawiri kwa ogulitsa, ndi kuona naye mapepala. Pambuyo pake manijala azingofuna ola limodzi pasabata loona ntchitoyo. Ndiye kuti akupulumutsa maola asanu sabata iliyonse, ndipo maola khumi ndi awiri aja abwerera masabata atatu asanathe. Amene akuti alibe nthawi yophunzitsa akulipira maola asanu sabata ndi sabata pothawa kulipira khumi ndi awiri kamodzi.

N'chifukwa chiyani ndikusankha zogulagula osati lipoti la bodi? Ntchito yabwino kuyamba kupereka ndi imene imabwerezabwereza, imene njira yake ingalembedwe papepala limodzi, ndiponso imene cholakwa chake chingakonzedwe popanda kugwetsa ofesi. Kugula mapepala kumachitika mwezi ndi mwezi, kotero wophunzira apeza mpata woyeserera kambiri. Akagula odula pang'ono, ofesi siitsekedwa. Koma kulanga wantchito, kukambirana za malipiro a munthu, kusainira cheke kapena kuyankha mafunso a bodi, izi ndi za mpando wa manijala ndipo sazipereka kwa wina. Chodabwitsa n'chakuti ambiri amachita mosemphanitsa. Amakakamira ntchito yakale chifukwa amaidziwa ndi kuikonda, n'kumakankhira ena ntchito zowawa ngati kudzudzula wochedwa kuntchito.

Tsopano tifike pa tsiku lopereka ntchitoyo. Izi sizichitikira pakhonde kapena pafoni munthu ali pamzere wa mafuta. Manijala amuitane mnyamatayo, akhale pansi kwa ola limodzi, chitseko chili chotseka. Ayambe ndi chimene akufuna chitheke, osati ndi masitepe. Anganene motere: "Achimwene, kuyambira Lolemba nkhani ya zipangizo za muofesi ndi yanu. Chimene ndikufuna n'chakuti mapepala, inki, sopo ndi mafuta a jenereta zisathe muno ngakhale tsiku limodzi, ndipo chilichonse chogulidwa chikhale ndi mapepala ake okwanira tisanalipire."

Onani kusiyana kwake ndi kunena kuti "muzigula zinthu". Munthu amene wauzidwa kuti mapepala asathe ayamba yekha kuganiza. Awerenga kuti ofesi imatha marimu angati pamwezi. Akapeza kuti ndi khumi ndi awiri, ndipo kuchokera pa kufunsa mitengo kufika pa kulandira katundu pamapita sabata yathunthu, adziwa kuti marimu akatsala anayi ndi nthawi yoitanitsa ena. Munthu wongotumidwa saganiza zimenezi, amadikira kuti wina akuwe kuti mapepala atha.

Atatha kunena cholinga, ndiye afotokoze njira, ndipo njirayo ilembedwe. M'maofesi ambiri imayenda chonchi. Wofuna chinthu amalemba fomu yopempha. Wogula amatenga makotesheni atatu kwa ogulitsa osiyana ndi kuwafananiza. Wovomereza akasaina, amalemba chikalata choitanitsira katundu. Katundu akafika, wina amamuwerenga ndi kusainira kuti wafika wokwanira. Kenaka invoisi imapita kwa wowerengera ndalama, amene amalemba vocha yolipirira. Manijala amene wachita izi zaka zinayi ali ndi tinthu tambiri m'mutu timene sakudziwa n'komwe kuti amatidziwa: kuti wogulitsa wakuti amachedwa kubweretsa katundu, kuti kotesheni iyenera kukhala ndi tsiku, nambala ya msonkho ya wogulitsa ndi masiku amene mtengowo ukhale usanasinthe, kuti inki yotchipa kwambiri nthawi zina imakhala yachinyengo. Zonsezi zituluke m'mutu, zipite papepala.

Pomaliza kukambiranako, asafunse kuti, "Mwamva?" Kwathu kuno wamng'ono sauza wamkulu kuti sanamve. Ayankha kuti, "Ee, madamu," ngakhale theka lamudutsa. Funso labwino ndi ili: "Tandiuzani, mawa wolandira alendo akabwera n'kunena kuti inki yatha, muyambira pati?" Pamene mnyamatayo akufotokoza m'mawu ake, mipata imene yatsala imaonekera yokha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pantchito udindo wotsegula khomo la mafunso uli ndi bwana, chifukwa wamng'ono amaopa kuoneka wopanda nzeru.

Chachiwiri ndi malire a mphamvu, ndipo apa ndi pamene ambiri amazembapo. Munthu amene wapatsidwa ntchito koma sanauzidwe pamene angasankhe yekha amachita chimodzi mwa ziwiri: amafunsa chilichonse, kapena safunsa kalikonse. Njira yake ndi kugawa zogula m'magulu atatu malinga ndi mtengo. Mu ofesi yathu ija tinene kuti chinthu chosapitirira K100,000 mnyamatayo asankhe yekha wogulitsa, agule, ndipo manijala adzangoona pa tsiku lopangana. Kuchokera pamenepo kufika K500,000 atenge makotesheni atatu, alembe amene iye wasankha ndi chifukwa chake, manijala asaine asanaitanitse. Chopitirira K500,000, kapena chilichonse chimene sichili mu bajeti, ayambe wakambirana ndi manijala asanapite n'komwe kukafunsa mitengo. Ngati ofesi ili kale ndi malamulo ake a zachuma, kapena ngati opereka thandizo anaika awo, malire amenewa akhale mkati mwa malamulowo. Manijala sangapereke mphamvu imene iye mwini alibe.

Pa gulu lachiwiri lija pali mfundo imene ndikufuna muisunge. Mnyamatayo asabwere ndi makotesheni atatu n'kufunsa kuti, "Titenge ati, madamu?" Abwere atasankha kale: "Ndasankha awa. Si otchipitsitsa, koma ena aja akufuna ndalama zonse tisanaone katundu." Manijala angavomere kapena kukana, koma mulimonsemo waona mmene munthu wake amaganizira. Pakapita miyezi iwiri akuona kuti zisankho zake n'zolongosoka, angakweze malire aja.

Malirewa ayeneranso kuunikidwa chifukwa cha ndalama yathuyi. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Inki, zipangizo za makompyuta ndi za galimoto zimachokera kunja, kotero mitengo yake imatsatira kwacha. Malire amene poyamba ankakwanira kugula inki ndi mapepala a mwezi angapezeke kuti sakukwaniranso inki yokha. Zikatero, zinthu zonse zimene mnyamata ankasankha yekha zimabwerera patebulo pa manijala popanda wina kusintha lamulo lililonse. Mukaona kuti mukusainiranso tinthu timene kale simunkasainira, onani kaye ngati malire sanatsalire m'mbuyo musanaganize kuti munthu wanu wayamba mantha.

Mphamvu imene yaperekedwa m'chipinda chotseka iyenera kulengezedwa poyera. Mnyamata wa chaka chimodzi pantchito sangapite kwa dalaivala wa msinkhu wa bambo ake n'kunena kuti, "Lembani kaye fomu," ngati dalaivalayo sanamve kuchokera kwa manijala. Choncho pa msonkhano wa Lolemba m'mawa manijala anene pamaso pa onse kuti kuyambira lero zopempha zonse za zipangizo zizipita kwa mnyamatayo. Ogulitsa amene anazolowera kumuimbira foni awauzenso chimodzimodzi.

Mayeso ake sachedwa. Lachitatu lomwelo dalaivala agogoda: "Madamu, mabuleki akulira, ndangoti ndikuuzeni inuyo poti mumadziwa kumene timagula." Ngati manijala atenga foni n'kuimbira wogulitsa, wagwetsa zonse zimene anamanga Lolemba, ndipo ofesi yonse yaphunzira kuti khomo lakale likadali lotsegula. Yankho laulemu lilipo: "Zikomo bambo pondidziwitsa, galimoto isayende mpaka zikonzedwe. Kaonaneni ndi achimwene aja, ayamba lero lomwe kufunsa mitengo." Wamulemekeza mkuluyo, wateteza chitetezo cha anthu, koma ntchito yatsala m'manja mwa mwini wake.

Pali chinthu china chimene munthu wozolowera kuchita zonse yekha sachiona msanga. Pamene mayiyu ankagula yekha, ankafunsa mitengo, kusankha wogulitsa, kulandira katundu ndi kukankha malipiro, zonse ndi dzanja limodzi. Poti ndi wokhulupirika, palibe chimene chinasowa. Koma akapereka mtolo wonsewo kwa munthu mmodzi monga momwe unalili, wapereka mpata woba pamodzi ndi ntchito. Kugawa ntchito kwabwino kumaphwanya mtolowo. Mnyamata asankhe ndi kuitanitsa. Wolandira alendo awerenge katundu akafika ndi kusainira. Wowerengera ndalama akonze malipiro ataona kuti chikalata choitanitsira, chikalata cholandirira ndi invoisi zikugwirizana. Manijala avomereze kulipira. Ngakhale mu ofesi ya anthu asanu ndi anayi izi n'zotheka.

Amene akuona ngati uku n'kuchulutsa gaga m'diwa akumbukire zimene zinaululika ku Capital Hill mu 2013, pa nkhani ija ya Cashgate. Boma linkalipira makampani amene sanapereke katundu kapena kugwira ntchito iliyonse, kenaka zolemba za malipirowo zinkafufutidwa mu makina a boma oyendetsera ndalama otchedwa IFMIS. Lipoti la kampani yofufuza za chuma ya ku Britain, Baker Tilly, limene linatuluka kumayambiriro kwa 2014, linapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala 2013. Ofesi ya mu Area 15 si Capital Hill, koma khomo lake ndi lomwelo: malipiro kutuluka popanda munthu wachiwiri wotsimikiza kuti katundu anafikadi.

Pa chifukwa chomwechi, kupatsa munthu ntchito si kumupatsa nambala yanu yachinsinsi. Ndimaona mabwana otanganidwa akulemba nambala yolowera kubanki ya pa intaneti pa kapepala n'kunena kuti, "Ingolipirani, ndili pamsonkhano." Chilichonse chimene chichitike pamenepo makina adzalemba kuti munachita ndinu, ndipo tsiku la mlandu simudzakhala ndi poyambira. Pemphani banki ipatse wokonza malipiro dzina lake lolowera, loti azikonza koma osavomereza. Chimodzimodzi kusaina macheke opanda kanthu musananyamuke ulendo. Kumeneko si kukhulupirira wantchito, ndi kumuika pa mayesero.

Chachitatu ndi tsiku loonera limodzi ntchito. Manijala watsopano amavutika kupeza pakati. Mwina amaima pamsana pa munthu ola lililonse, mwina amasowa mwezi wathunthu n'kudzatulukira zinthu zitaonongeka. Mankhwala ake ndi kupangana nthawi yokhazikika ntchito isanayambe. Mu ofesi yathu tinene kuti ndi Lachisanu lililonse 2 koloko masana, kwa mphindi makumi atatu. Mnyamatayo abwere ndi zinthu zitatu: kaundula wa zimene zatsala m'kabati, mndandanda wa zimene wagula sabatayo pamodzi ndi mapepala ake, ndi zimene akuona kuti zifunika sabata yamawa. Manijala asawerenge pepala lililonse. Asankhe zogula ziwiri mwachisawawa n'kuzitsata kuyambira pa fomu yopempha kufika pa lisiti. Kamodzi pamwezi adzuke, apite kukabati, awerenge yekha marimu ndi kuona ngati akufanana ndi zolembedwa. Poti nthawiyi inapanganidwa poyamba, mnyamatayo saiona ngati kumukayikira. Koma kufunsa mwadzidzidzi tsiku ndi tsiku kuti "Mwafika pati?" kumamuuza kuti ntchitoyo si yake.

Cholakwa choyamba chidzabwera ndithu, ndipo mmene manijala adzachilandirire ndi mmene padzaonekere ngati anaperekadi ntchito. Tiyerekeze kuti sabata yachitatu mnyamatayo waitanitsa mipando ya K400,000, tisanaonjezerepo msonkho wa VAT. Malamulo a msonkho amafuna kuti ofesi ikamalipira wogulitsa katundu idule 3 peresenti n'kuipereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, pokhapokha ngati wogulitsayo ali ndi chikalata cha MRA chomuchotsa pa msonkho wodulidwawu. Pa K400,000, imeneyo ndi K12,000. Wogulitsa anangonena pakamwa kuti chikalatacho ali nacho, mnyamata anakhulupirira n'kuuza wowerengera ndalama, ndipo ndalama zonse zinalipiridwa. Lachisanu, potsata mapepala, manijala akupeza kuti chikalatacho mulibe mu fayilo.

Dzanja la munthu wozolowera kuchita zonse yekha limayabwa pamenepa. Amafuna kutenga foni, kukonza nkhaniyo m'mphindi zisanu, n'kunena mumtima kuti, "Ndinkadziwa ine." Koma taonani kaye funso ili: kodi nkhani ya chikalatacho inali papepala la ndondomeko lija? Ngati munalibe, cholakwa n'cha pepala, ndipo pepalalo likonzedwe tsiku lomwelo ndi mzere umodzi wonena kuti palibe kulipira ndalama zonse popanda kope ya chikalata chimene masiku ake sanathe. Ngati munali, mnyamatayo auzidwe mosapita m'mbali, pa awiri, kuti anadumpha sitepe. Mulimonsemo, wokonza ndi iyeyo. Aimbire wogulitsa, apemphe chikalatacho pofika Lachiwiri, ndipo chikapanda kubwera agwirizane ndi wowerengera ndalama mmene K12,000 ija ibwezedwere ndi kuperekedwa ku MRA tsiku la 14 lisanakwane. Wowerengera ndalama nayenso ali ndi funso loti ayankhe, chifukwa ntchito yake inali kuona pepala, osati kumva mawu.

Kunja kwa ofesi nkhani imasintha. A bodi kapena ofufuza mabuku akafunsa, manijala sanena kuti, "Ndi mnyamata uja." Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Ntchito inaperekedwa, koma udindo woyankha unatsala pa mpando. Antchito amaonetsetsa zimenezi. Akaona kuti bwana amawaponya kumoto zinthu zikavuta, palibe amene adzalolenso kusankha kanthu payekha, ndipo chilichonse chidzabwerera kudzafuna siginecha.

Kodi mungadziwe bwanji kuti kugawa ntchito sikukuyenda? Chizindikiro choyamba ndi ntchito yobwerera mwaulemu. Munthu amabwera n'kunena kuti, "Madamu, pali kavuto pang'ono," inu n'kuyankha kuti, "Siyani pompo, ndiona." Ndi mawu atatu amenewo ntchito yasintha mwini, ndipo mawa ndi iyeyo amene adzakufunseni kuti mwafika pati. Yankho loyenera ndi funso: "Inu mukuganiza kuti tichite bwanji?" Akasowa yankho, abwerenso pakatha ola ali ndi njira ziwiri.

Chizindikiro chachiwiri ndi chete. Munthu amene wangolandira ntchito yatsopano ndipo sabata ziwiri zatha osafunsa funso ngakhale limodzi, kawirikawiri si kuti wamvetsa zonse. Mwina akuopa, mwina akubisa kanthu. Chachitatu chili m'mapepala. Mukaona zogula zambiri zikuima pa K95,000 kapena K98,000, pansi penipeni pa malire, kapena katundu mmodzi wagawidwa pa ma invoisi awiri a tsiku limodzi, munthu akuzemba siginecha yanu. Mukaona makotesheni atatu olembedwa mofanana, olakwitsa liwu limodzimodzi, kapena wopambana ali yemweyo mwezi ndi mwezi, imbani nokha foni kwa ogulitsa awiri enawo mumve ngati alikodi. Chachinayi chili mwa inu nomwe. Ngati usiku mukulembanso fomu imene mnyamata analemba chifukwa choti mizere yake sinakukomereni, dzifunseni ngati yalakwika kapena yangosiyana ndi mmene mukanalembera inu. Ngati mapepala sanathe, mtengo uli bwino ndipo fayilo ndi yokwanira, ntchito yatheka, ngakhale njira yake si yanu.

Pali malire ena amene ndiyenera kuwatchula. Si munthu aliyense amene angasenze ntchito iliyonse. Ngati patha miyezi itatu, ndondomeko ili papepala, mwaphunzitsa, mwaona naye Lachisanu lililonse, koma cholakwa chomwecho chikubwerera kachitatu, ntchitoyo ipite kwa wina, osati ibwerere kwa inu. Komanso musaunjike zonse pa munthu mmodzi chifukwa choti ndi wodalirika. Mukatero mukupanga munthu wina wochita zonse yekha, ndipo tsiku limene adzapeze ntchito kwina ofesi idzaima. Ntchito yatsopano ikamalowa m'manja mwa munthu, funsani kuti ndi iti mwa zakale imene ituluke. Ndipo ngati udindo wake wakuladi, zilembedwe mu kalata yake ya ntchito ndipo zikumbukiridwe pokambirana za malipiro.

Zinthu zikamayenda, manijala azibwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Mwezi woyamba aonane Lachisanu lililonse. Wachiwiri ndi wachitatu, kamodzi pa masabata awiri. Kenaka kamodzi pamwezi, koma kuwerenga za m'kabati mwadzidzidzi kusathe. Maola asanu aja amene apulumuka asadzazidwenso ndi tintchito tina ta manja. Apite ku lipoti la bodi, ku bajeti ya chaka chamawa, ndi kukhala pansi ndi ogwira ntchito za kumudzi amene akhala akudikira bwana wawo. Zogulagula zikakhazikika, atsegulenso kope lija n'kusankha ntchito yachiwiri yoti apereke.

Mayeso omaliza ndi osavuta. Patatha miyezi itatu, pitani ku msonkhano wa masiku atatu ku Salima kapena ku Mponela, muuze ofesi kuti foni muziyankha madzulo okha. Pobwera werengani mafoni amene anakuimbirani okhudza zogula. Ngati anali awiri ndipo onse anali a zinthu zopitirira K500,000, ntchito munaipereka. Ngati anali khumi ndi asanu ndipo ena anali ofunsa kumene kuli kiyi wa kabati, ndiye kuti mukadali kutuma.